Nkhope Yoyeserapo Mafuta

Mu saluni ya Madamu munali lamulo limodzi losalembedwa paliponse: chodzola chilichonse chatsopano chisanafike pankhope ya kasitomala, chiziyamba chadutsa pankhope ya Chidole. Wogulitsa mafuta akangotula katoni pakhomo, Madamu ankawomba m'manja kawiri, ndipo Chidole ankasiya chilichonse chomwe wagwira, n'kukagona chagada pampando wautali uja wa pafupi ndi galasi.

Chidole anali mng'ono wake weniweni wa Madamu, bere limodzi. Dzinalo linayamba kalekale, mkulu wakeyo akuphunzirira kuluka pamutu pake, ndipo linamumatirira mpaka anakula nalo. Anali woyererako, wa khungu losalala loti munthu ukaliona umafuna kufunsa sopo wake. Chithunzi chake chachikulu chinamatidwa pazenera loyang'ana kumsewu, ndipo kasitomala akakayikira botolo, Madamu ankangogwira chibwano cha mng'ono wakeyo n'kuchitembenuzira kowala.

"Mukukayikira chiyani, mayi? Umboni suwu ukuyenda ndi miyendo?"

Madamu mwini wake sanagonepo pampandopo. Ankati mwini bizinesi alibe nthawi yogona masana. Ankafika m'mawa atadziphoda kale, faundeshoni mbee kuyambira pachipumi mpaka m'khosi, ambulera ili m'manja ngakhale kumwamba kulibe mtambo. Tiyi wake ankamusiya patebulo mpaka azizire, ndipo makina owumitsira tsitsi akayatsidwa ankapita kukaima pakhomo, ati kukopa makasitomala. Atsikana a mu saluni ankangoti ndi matama a mabwana.

Vuto linayamba ngati masewera. Chidole akadzuka pampando paja nkhope inkatentha ngati wasuzumira mu uvuni, koma pofika madzulo inkazizira. Kenako inasiya kuzizira. Masaya, mphuno ndi pachipumi panakhala pofiirira moderako, ndipo panatuluka tiziphuphu tomwe sitinkamva chilichonse.

"Khungu lako layamba matama," anatero Madamu. "Langokana mafuta a sabata yatha aja basi. Bwera tilitsegule, lipume."

Kulitsegula kwake kunali kumuyika pamakina a nthunzi, kumukwecha ndi mafuta a timchenga, n'kumalizira ndi madzi a mandimu. Mayo ine, mandimu pankhope yoyaka kale! Chidole ankaluma mano, misozi ikutsikira m'makutu, mkulu wake akuti kuwawako ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito. Zitafika poipa, Madamu anatsegula kabati yake yokiya n'kutulutsa kachubu kofinyika kale pakati.

"Dzola aka, koma usauze atsikanawa."

Kachubuko kanachita zodabwitsa. M'masiku ochepa nkhope inazizira, tiziphuphu tinaphwa, Chidole n'kubwerera pampando wake. Koma akangosiya kudzola, moto unkabwerera ndi abale ake omwe. Akadzola unkazima, akasiya unkayaka kuposa kale. Tsiku lina anadzuka maso ali ofiira, akumva ngati wina wamuthiramo mchenga, ndipo m'malo mokwera basi yopita kuntchito anakwera yopita kuchipatala.

Nesi amene anamulandira anali mayi wachikulire wosaseka, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Anamuyimika pazenera n'kumuyang'ana nthawi yaitali osamukhudza.

"Mwati khungu langokana mafuta. Wakuuzani ndani?"

"Achemwali anga. Ali ndi saluni."

"Ehe. Mafutawo mumadzola pati?"

"Nkhope yonse, mpaka m'khosi."

"Nanga khosi lili bwinobwino bwanji? M'mbali mwa makutumu muli bwinobwino bwanji? Khungu likakana chodzola, kawirikawiri limadandaula ponse pamene chodzolacho chafika, ndipo mukachisiya limakukhululukirani. Inu zanuzi zasankha pakati pa nkhope. Mukamwa tiyi wotentha zimatani?"

Chidole anayang'ana nesiyo modabwa. "Nkhope imayaka."

"Padzuwa? Mukadya tsabola? Mukapsa mtima?"

"Imayaka, anesi. Ngakhale tsiku loti sindinadzole kanthu."

Nesi anamupatsa kagalasi n'kumuonetsa timitsempha tofiira tonga ulusi m'mbali mwa mphuno, tomwe Chidole anali asanationepo. Anamuonetsanso kuti tiziphuphu take tinalibe timitu takuda tija timene timakhala pa ziphuphu za achinyamata. Kenako anafunsa zomwe wakhala akudzola, ndipo Chidole atatulutsa kachubu kaja m'chikwama, nesi anavula magalasi.

"Aka ndi ka siteroidi, mankhwala amphamvu. Si kodzola kumaso mwachisawawa. Kamazimitsa moto lero, mawa n'kuwuthira palafini, ndipo khungu limapyapyala. Mwadzola nthawi yaitali bwanji?"

"Masabata angapo."

"Kasiyeni pompano. Masiku oyamba nkhope ikwiya kuposa apa, musadabwe, ndipo musakabwerere. Zikakulakani mubwere kuno."

"Ndiye ndikudwala chiyani?"

"Zikufanana ndi matenda otchedwa rozeshiya. Ndati zikufanana, mwamva? Alipo matenda ena amene amafiiritsa masaya chomwechi, ndiye womaliza kunena ndi dokotala wa khungu. Rozeshiya sapatsirana, sabwera chifukwa cha uve, ndipo nthawi zambiri amayenda m'magazi a pabanja. Satheratu, koma ndi mankhwala oyenera amagonja."

Dokotala wa khunguyo mzere wake unali wautali, ndipo tsiku lomwe Chidole anapatsidwa linali la mwezi wotsatira. Nesi anamuuza zochita podikira, akuwerenga ndi mawu a munthu amene wabwereza zomwezo mpaka kutopa. Asambe kumaso m'mawa ndi madzulo ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha, ndi sopo wofatsa wopanda fungo, pogwiritsa ntchito nsonga za zala basi. Popukuta azingogunditsa thaulo, osakhula. Adzole mafuta wamba opanda perefyumu, ndipo masana awonjezere oteteza ku dzuwa ndi chipewa chakhonde. Tiziphuphu asatifinye. Nkhope ikayaka aziijambula pafoni, chifukwa matendawa ali ndi mwano, tsiku la dokotala amabisala. Anamupatsa timadzi todontheza m'maso, n'kumuchenjeza kuti diso likayamba kuwawa, kuona mwachimbuuzi kapena kuopa kuwala, asadikire tsiku lija, athamange.

"Nthunzi, zokwecha, mandimu, zonsezo ayi. Ndipo muchepetse kupsa mtima."

Apo Chidole anaseka koyamba tsiku limenelo. Nesiyu sankawadziwa achemwali ake.

Madamu anamvetsera nkhani yonse manja ali m'chiuno. Chidole atatchula dzina la matendawo, mkulu wakeyo anayang'ana kumbali kanthawi, kenako anaphulika.

"Nesi! Nesi amadziwa chiyani za nkhope? Ntchito yake ndi kubaya anthu m'matako. Ine ndagwira nkhope za anthu zaka zonsezi, lero undiuze za nesi? Kachubu kanga kali kuti?"

"Katsala kuchipatala."

"Wati chiyani? Iwe, kachubu kanga!"

Anakalipa ngati wamutayira ndolo zagolide, ndipo Chidole anadabwa kuti kachubu kofinyika kangamupweteke munthu chotero. Koma pampando paja anakana kugonapo. Anakananso kudziphoda ndi faundeshoni wa mu saluni, yemwe ankanunkhira maluwa n'kumamuwotcha ngati tsabola.

Masiku otsatira anali oipa monga ananenera nesi. Nkhope inatupa, inayaka, inasenda. Madamu anati munthu wooneka choncho sangaime kutsogolo, pansi pa chithunzi chake chomwe, ndiye anamutumiza kuchipinda chakumbuyo kukachapa mataulo. Mataulo a mu saluni amachapidwa ndi madzi otentha, ndipo kachipindako kanalibe zenera. Chidole anatsekula chitseko chakuseri, n'kumadikira madzi azizireko asanaweramirepo, mkulu wake akukuwa kutsogolo kuti mataulo akuchedwa.

Choipitsitsa chinali pakamwa pa makasitomala. Khoma linali la matabwa, ndipo zonse ankazimva.

"Mtsikana wa pazenera uja ali kuti?"

"Mwamuona nkhope? Ndi mafuta oyeretsa khungu amenewo. Ankanama kuti n'kubadwa."

"Ena akuti ndi mowa."

Chidole ankadikira kuti mkulu wake ayankhe. Munthu amene anamuona akubadwa ndi khungu lomwelo, amene ankadziwa kuti mowa sanaulawepo, ankangoseka pang'ono n'kunena kuti, "Ana a masiku ano samva, mayi. Amakadzola zawozawo kunyumba." Chidole ankafinya thaulo mpaka zala kuwawa, mkwiyo n'kukwera kumaso, nkhope n'kuyaka. Ankatulutsa foni n'kudzijambula. Zithunzi zambiri za dokotala anamujambulitsa ndi achemwali ake.

Komabe pang'onopang'ono khungu linayamba kumva. Kusenda kunatha, kutupa kunaphwa, ndipo m'mawa ankatha kusamba osaluma mano. Kufiirako kunalipobe, timitsempha tija sitinapite kulikonse, koma moto unachepa. Mayi woluka tsitsi, amene anali wamkulu pa antchito onse, analowa kumbuyoko tsiku lina n'kumuyang'anitsitsa.

"Iwe, sopo wosanunkhirayu akukuyanja. Usalole akugonekenso paja, wamva? Nkhope ndi imodzi, ilibe sipeya."

Kenako kunabwera nkhani ya chionetsero. Kampani ina yogulitsa zodzola inali ndi mankhwala atsopano osendera khungu, oyamba ndi nthunzi, ndipo inalonjeza kuti saluni ya Madamu ikhala yokhayo yowagulitsa m'dera lonselo ngati achita chionetsero pamaso pa makasitomala. Madamu anaitana azimayi ake onse olemera, anabwereka mipando, anagula zakumwa. Kutatsala tsiku limodzi analowa kochapira mataulo, mawu ali ofewa ngati si iye.

"Chidole, mng'ono wanga, wachira tsopano. Mawa ugone paja kamodzi kokha. Mayi wa kampani akuti mankhwalawa amachotsa zofiirazi. Anthu aona kusintha ndi maso awo."

"Sindinachire, achemwali. Ndangosiya kupsa."

"Kamodzi kokha."

"Anesi anati nthunzi ayi, zosenda ayi."

Mawu ofewa aja anathera pomwepo. "Ndakulera ine! Ntchito ndakupatsa ine! Mawa ukapanda kugona paja, utenge chikwama chako, ukalembedwe ntchito ndi nesi wakoyo."

Kutacha saluni inadzaza. Mayi wa kampani, wamtali, wolankhula mothamanga ngati wailesi, anayala mabotolo ake patebulo n'kuthira madzi m'makina a nthunzi. Madamu anawomba m'manja kawiri. Chidole anatuluka kumbuyo kuja nkhope ili yosaphoda, ndipo azimayi anayamba kugwirana zigongono. Anafika pampando, anauyang'ana, koma sanakhale.

"Ine sindigona apa. Ndikudikira dokotala wa khungu, ndipo andiletsa nthunzi."

Madamu anamwetulira ndi mano okha. "Akuseka ameneyu. Gona, Chidole."

"Sindikuseka. Zaka zonsezi botolo lililonse layamba ndi ine. Lero gonanipo inuyo, achemwali. Si inu mumati mankhwalawa ndi abwino?"

Ananena ndi mkwiyo chabe, kuti amubaye. Koma azimayi aja anaikonda nkhaniyo. "Eeeh, Madamu agone! Tione nkhope ya mwini wake!" Anayamba kuwomba m'manja, wina n'kuyimba nthungululu. Mayi wa kampani, poona kuti chionetsero chake chikufa, anamugwira Madamu pamkono n'kumukhazika pampando akuseka. Madamu anati ali ndi chimfine, anati nthawi yatha, anati ayi dikirani, koma mayi uja anali atanyowetsa kale thonje, ndipo analipititsa kamodzi kuchokera pamphuno mpaka patsaya.

Chidole anali ataima pafupi, ndipo anaona zonse. Pansi pa faundeshoni panali tsaya lofiira moderako, lopyapyala ngati pepala, timitsempha titayala ngati mizu ya udzu, tiziphuphu tili mbwee m'mbali mwa mphuno. Inali nkhope yake yomwe, koma yopitirira zaka zambiri. Ambulera ija, tiyi wozizira uja, kuthawa makina owumitsira tsitsi, kulirira kachubu, zonse zinabwera pamodzi ngati mbama.

Mayi wa kampani anakhosomola. "Aa, ndi khungu lokana zinthu chabe ili. Nthunzi ilitsegula." Anakokera makina aja pafupi, nthunzi itayamba kale kutuluka. Madamu anatseka maso, manja atagwira mpando zolimba, ngati mwana amene akudikira jakisoni.

Chidole akanatha kungoima n'kuonerera, ndipo mumtima mwake munali mawu oti musiye alaweko. Koma iye ankadziwa mmene nthunzi imawawira pankhope yotero. Anatukwana chamumtima, anawerama, n'kuzula chingwe cha makinawo kukhoma.

"Chionetsero chatha. Zakumwa zili apo, imwani."

Anamukoka mkulu wakeyo padzanja mpaka kochapira mataulo n'kumenyetsa chitseko. Khoma linali lomwe lija la matabwa, koma sanasamale.

"Munkadziwa!"

"Chidole, tsitsa mawu."

"Nditsitse mawu? Munkadziwa kuti nkhope yanu siyingapirire mabotolo amenewa, ndiye munkayesera pa yanga! Zitayamba kwa ine munaziona, munazizindikira, chifukwa mumaziona pagalasi m'mawa uliwonse. Ndiye munatani? Munandiyika pa nthunzi! Mandimu, achemwali! Inu amene tiyi yemwe mumamuopa!"

"Ndinkaganiza kuti zako n'zina. Ndinkafuna zikhale zina."

"Bodza! Anthu akuti ndimadziyeretsa, akuti ndimamwa, inu n'kumaseka nawo. Mawu amodzi okha akanakwana."

Madamu anakhala pa ndowa yovundikira, tsaya limodzi lophoda, lina lili poyera. Anayamba kulira, ndipo misozi inkachotsa faundeshoni wotsalayo.

"Ukanakhala iwe ukanatani? Mwini saluni wa nkhope yotere, ndani angamupatse nkhope yake? Ndinalibe ina yoonetsa anthu koma yako."

"Sinali yanu."

Nkhope ya Chidole inali ikuyaka kuposa tsiku lina lililonse, moti ankamva mtima ukugunda m'masaya. Ananyowetsa thaulo ndi madzi ozizira n'kuligunditsa kumaso pang'onopang'ono, mkulu wake akumuyang'ana. Kutsogolo kunkamveka mipando ikukokedwa ndi nsapato zikutuluka.

"Kachubu kaja mwadzola zaka zingati?"

Madamu anangopukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja.

"Inu musakasiye mwadzidzidzi ngati mmene ndinachitira ine. Pa zaka zonsezo nkhope ingakuphulikireni. Pitani kuchipatala akakuuzeni kasiyidwe kake."

"Tsiku lako la dokotala lija," anatero Madamu ndi mawu aang'ono, "sungandiperekeze, tikalowe limodzi?"

Chidole anamuyang'ana. Uyu ndi amene ankamubereka kumsana, amene ankamuluka tsitsi popita kusukulu, ndipo chifundo chinamugwira. Koma mkwiyo unali waukulu kuposa chifundocho, ndipo sanafune kunamizira.

"Tsikulo ndi langa. Ndalidikira ndikuchapa mataulo anu. Inu kaimeni pamzere ngati aliyense, nkhope ili poyera, anesi akuoneni bwino."

Anatsegula chikwama, anatulutsa sopo wake wosanunkhira uja ndi kabotolo ka mafuta wamba, n'kuziyika pamwamba pa mulu wa mataulo.

"Madzi ofunda pang'ono. Zala zokha. Osakhula."

Kutsogolo kunali kutatsala mayi woluka tsitsi yekha, akusonkhanitsa mabotolo a zakumwa. Chidole anapita pazenera n'kuyamba kumatula chithunzi chija. Guluu anali atauma ndi dzuwa la zaka zambiri, ndipo chithunzicho chinkachoka tizidutswa, tsaya palokha, diso palokha. Mayi uja anasiya mabotolo n'kumubweretsera mpeni wopalira, ndipo anathandizana mpaka galasi linayera.

Kumbuyo kunamveka kuwomba m'manja kawiri, mofooka, kenako mawu akuitana dzina lake. Miyendo ya Chidole inatsala pang'ono kutembenuka yokha, mwachizolowezi. Anavala chipewa chake chakhonde, anakoleka chikwama paphewa, n'kutuluka, akuyenda mbali ya msewu yomwe kunali mthunzi.